Kodi nkhuku ndi mkaka zingachotse kukhumudwa? Mafunso ndi mayankho kwa abale athu a ku Doha

Pa mafoni pamazungulira timavidiyo tolonjeza kuti munthu akamadya nkhuku, mazira, mkaka, mtedza ndi nthochi, mtima wake umapepuka, ati chifukwa zakudyazi zili ndi tiriputofani, chinthu chimene thupi limapangira serotonini. Uthengawu umawafika pamtima Amalawi amene akugwira ntchito ku Doha, kaya yaulonda, ya m'mahotela kapena yoyendetsa galimoto. Ana ali kumudzi, ntchito ndi ya maola ataliatali, ndipo chipinda n'chogona anthu angapo. Komatu nkhuku ku Doha sisowa. Munthu angathe kuidya pa mpunga tsiku ndi tsiku, n'kutsitsira chambiko cha labani, koma mtima n'kukhalabe wolemera. Mafunso ali m'munsiwa akulondola ulendo wa tiriputofani kuchokera m'mbale mpaka mu ubongo, kuti tione pamene lonjezo lija limadukira.

Kodi n'zoona kuti serotonini amachokera ku tiriputofani?

N'zoona ndithu. Puloteni aliyense, wa nyama kapena wa nyemba, amamangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi, ndipo tilipo mitundu 20. Tiriputofani ndi mmodzi mwa mitundu 9 imene thupi silingathe kupanga lokha, choncho ayenera kubwera ndi chakudya. Akafika m'maselo ena a mu ubongo, amasinthidwa kawiri n'kusanduka serotonini, amene maselowo amatumizirana nawo mauthenga okhudza tulo, chilakolako cha chakudya, ululu ndi mmene munthu akumvera mumtima. Mpaka apa vidiyo ija siinanama. Imalakwitsa poganiza kuti zimene zalowa m'kamwa n'zimenenso zafika mu ubongo.

Munthu amafunika tiriputofani wochuluka bwanji, ndipo ku Doha amapeza wokwanira?

Lipoti la Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse la mu 2007 linati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 4 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku. Titenge mlonda wolemera makilogalamu 70. Iyeyu akufunika mamiligalamu 280. Masana apatsidwa mbale ya machibusi, mpunga wokometsedwa uja wa ku Qatar, pamwamba pali nthuli ya nkhuku yophika ya magalamu 150. M'nthuli imeneyo mokha muli tiriputofani wa mamiligalamu pafupifupi 500. Wapitirira kale mlingo wa tsiku lonse asanawerengere mpunga, mphodza, mazira a m'mawa kapena mkaka wa mu tiyi wa karaki. Munthu wotere sakusowa tiriputofani, ndipo kumuuza kuti awonjezere nkhuku n'kumupatsa chimene ali nacho kale.

Ndiye wochulukayo bwanji osalowa mu ubongo?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Ubongo sulandira chilichonse chimene chili m'magazi. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo tili ndi maselo omatirirana kwambiri moti zinthu sizingadutse pakati pawo. Chimene chikufuna kulowa chiyenera kunyamulidwa ndi puloteni wapadera amene ali m'khoma la mtsempha. Glukosi ali ndi womunyamula wakewake. Tiriputofani alibe wake yekha. Amagawana womunyamula mmodzi ndi ma amino asidi ena akuluakulu, makamaka asanu awa: lyusini, isolyusini, valini, fenilalanini ndi tayirosini. Ndipo wonyamulayo amakhala pafupifupi wodzaza nthawi zonse, ngakhale munthu asanadye.

Amene anakwerapo basi ya kampani m'mawa ku Industrial Area amvetsa msanga. Mipando ndi yowerengeka ndipo khomo ndi limodzi. Chiwerengero cha anthu a gulu lanu amene akwere sichidalira kuti mwabwera angati basi, chimadalira kuti ndinu angati poyerekeza ndi khamu lonse limene lili pakhomo. Mukawonjezera mnzanu mmodzi pamene magulu ena awonjezera anthu 20, mwayi wanu watsika.

Tibwerere ku nthuli ya mlonda uja. Tiriputofani ndi amene amachepa kwambiri mwa ma amino asidi onse a m'puloteni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 alionse. Nthuli imene yabweretsa mamiligalamu 500 a tiriputofani yabweretsanso mamiligalamu oposa 11,000 a opikisana naye asanu aja. Ndiye kuti pa gawo limodzi la tiriputofani pabwera magawo oposa 20 a anzake. Pomwe m'magazi a munthu amene wagona ndi njala, tiriputofani amakhala mmodzi pa opikisana naye pafupifupi khumi. Chakudya cha nyama chimabweretsa khamu limene tiriputofani ndi wochepa kuposa mmene analili m'magazi munthu asanadye. Chinanso, magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi. Chiwindi chimaphwanya tiriputofani wambiri, koma lyusini, isolyusini ndi valini chimangowalola kudutsa. Zotsatira zake n'zakuti patapita maola angapo mlonda atadya, tiriputofani wa m'magazi mwake wakwera ndithu, koma gawo lake pa khamu lonse silinakwere, mwina latsika kumene. Wolowa mu ubongo sawonjezeka.

Izi si zongoganizira. John Fernstrom ndi Richard Wurtman, pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, anazionetsa pa makoswe m'zaka za 1971 ndi 1972. Makoswe odyetsedwa chakudya cha puloteni wambiri anali ndi tiriputofani wochuluka m'magazi, koma serotonini wa mu ubongo mwawo sanakwere. Chimene chinkalosera bwino za mu ubongo chinali gawo la tiriputofani poyerekeza ndi opikisana naye.

Nanga nkhukundembo imene Azungu amati imagonetsa tulo?

Ili ndi tiriputofani wofanana ndi wa nkhuku wamba kapena nyama ya ng'ombe. Tulo ta pambuyo pa phwando timabwera chifukwa cha kukhuta kwambiri, zotsekemera, kutopa, ndipo kwa ena mowa.

Ena amati zotsekemera ndizo zimathandiza. Kodi tende ndi tiyi wa shuga wambiri zingagwire ntchito?

Pali choonadi pang'ono pamenepa, ndipo chinachokera kwa Fernstrom ndi Wurtman omwe aja. Munthu akadya shuga kapena sitachi, kapamba amatulutsa insulini. Insulini amakankhira lyusini, isolyusini ndi valini m'minofu, motero amachepa m'magazi. Tiriputofani sachepa kwenikweni, chifukwa wambiri amayenda atakakamira pa puloteni wa m'magazi wotchedwa alubumini. Khamu likachepa pakhomo, gawo la tiriputofani limakwera, ndipo wolowa mu ubongo amawonjezekako. N'zodabwitsa koma n'zoona kuti chakudya chopanda tiriputofani chingalowetse tiriputofani wambiri mu ubongo kuposa nkhuku.

Koma zimenezi zimachitika pokhapokha chakudyacho chikhale chopanda puloteni ndipo m'mimba mukhale mopanda kanthu. Mu 1989, Karen Teff, Simon Young ndi John Blundell anapatsa anthu kadzutsa wa milingo yosiyanasiyana ya puloteni, ndipo anapeza kuti puloteni wochepa chabe, magawo 4 mwa 100, anali wokwanira kuthetsa kukwera kuja. Mpunga pawokha uli ndi puloteni woposa pamenepo. Nsima nayonso chimodzimodzi, ndiwo zisanabwere n'komwe. Karaki ali ndi mkaka. Mwina tende wodyedwa yekha pofutulu m'mwezi wa Ramadani, munthu atasala tsiku lonse, ndi amene angakweze gawo la tiriputofani chonchi, koma pakangotha mphindi zochepa pamabwera supu wa mphodza, labani ndi harisi wa tirigu ndi nyama.

Ine sindingalangize munthu kuti azithamangitsa serotonini ndi shuga. Matenda a shuga ndi ofala kwambiri ku Qatar, ndipo mlonda amene amakhala pampando usiku wonse akumwa makapu a karaki motsatizana angathe kubwerera kumudzi ndi matenda amene sanapite nawo. Kukoma kwa tiyi wotentha pakati pa anzako n'kwenikweni, koma kumabwera nthawi yomweyo kudzera pa lilime ndi pa macheza, tiriputofani asanayende n'komwe.

Nthochi akuti zili ndi serotonini weniweni. Imeneyo si njira yachidule?

Zili naye, monganso chinanazi ndi tomato. Koma serotonini sadutsa khoma lija la mitsempha ya mu ubongo. Thupi lenileni lili ndi serotonini wambiri kunja kwa ubongo: pafupifupi magawo 90 mwa 100 amapangidwa m'matumbo, kumene amathandiza kuti chakudya chiziyenda, ndipo wina amasungidwa m'timaselo ta magazi tothandiza kuti bala lisiye kukha. Yenseyo ubongo sumugwiritsa ntchito. Umapanga wakewake.

Nanga tiriputofani yense amene timadya amapita kuti?

Wina amamangira mapuloteni a thupi: minofu, khungu, magazi. Mwa amene amaphwanyidwa, pafupifupi magawo 95 mwa 100 amatsata njira ina yotchedwa ya kinurenini, makamaka m'chiwindi. Njira imeneyi imatulutsa zinthu zingapo, ndipo chimodzi mwa izo ndi nayasini, vitamini B3. Pamafunika mamiligalamu pafupifupi 60 a tiriputofani kuti papangidwe miligalamu imodzi ya nayasini. Wopita ku serotonini ndi kachigawo kochepa zedi, ndipo m'kachigawoko wambiri ndi wa m'matumbo uja.

Pali zinthu zitatu zimene zimakulitsa njira ya kinurenini, ndipo zikukhudza moyo wa munthu wa pa ulendo. Choyamba ndi tiriputofani mwiniwake: akachuluka, chiwindi chimafulumira kumuphwanya. Chachiwiri ndi kotizolo, homoni imene imakwera munthu akapanikizika, monga akamada nkhawa ndi ngongole ya ulendo kapena fizi ya ana. Chachitatu ndi kutupa kwa m'thupi kumene kumabwera ndi matenda opatsirana kapena okhalitsa. Choncho munthu wa nkhawa kapena wodwala, amene timavidiyo tija tikumuuza kuti adye nkhuku yambiri, ndi amenenso thupi lake lingathe kupatutsira tiriputofani kwina.

Tiyerekeze kuti wafika mu ubongo wochuluka. Pamenepo mtima usangalala?

Osati kwenikweni, ndipo pali zotchinga ziwiri.

Choyamba chili m'selo momwemo. Enzayimu imene imayamba kusintha tiriputofani imagwira ntchito pa liwiro lokhala ndi malire. Masiku onse imakhala yodzaza pafupifupi theka, ndiye ngakhale mutaikhuthulira tiriputofani wochuluka bwanji, singapange serotonini woposa kawiri mlingo wa masiku onse. Kupanga nakonso n'kosiyana ndi kutulutsa. Serotonini amagwira ntchito selo likamutulutsa potumiza uthenga. Wotsala amasungidwa kapena kuphwanyidwa. Maselowa alinso ndi zomvera zawo zimene zimazindikira serotonini akachuluka kunja, ndipo zikatero selo limachepetsa kutumiza. Ubongo umalimbikira kuti zinthu zisasinthesinthe ndi mbale iliyonse, ndipo n'chinthu chabwino kuti umatero, chifukwa bwenzi maganizo athu akusintha ndi ndiwo za tsikulo.

Chotchinga chachiwiri n'chachikulu: chisangalalo sichikwera ndi kutsika motsatira mlingo wa serotonini. Ofufuza ali ndi njira yoyesera zimenezi. Amapatsa munthu chakumwa cha ma amino asidi ambiri koma chopanda tiriputofani. Pakatha maola asanu kapena kuposerapo, tiriputofani wa m'magazi amatsika kwambiri, ndipo ubongo umachepetsa kupanga serotonini. Mu 1990, Pedro Delgado ndi anzake a ku Yale anapatsa chakumwachi anthu 21 amene anali atachira matenda a kukhumudwa ndipo anali pa mankhwala. Anthu 14 zizindikiro zinawabwerera kwa kanthawi, n'kuthanso atayambiranso kudya bwino. Koma mu 2007, Henricus Ruhé ndi anzake a ku Amsterdam atasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa mtunduwu, anapeza kuti anthu athanzi amene sanadwalepo matendawa, ndiponso amene kubanja kwawo kulibe, sakhumudwa serotonini akatsitsidwa chonchi. Ngati kumutsitsa kwambiri sikugwetsa mtima wa munthu wathanzi, palibe chifukwa choyembekezera kuti kumukweza pang'ono ndi chakudya kungaudzutse.

Mankhwala a kuchipatala amene amachedwetsa kuchotsedwa kwa serotonini akuonetsanso zomwezo. Amayamba kugwira maselo tsiku loyamba lomwe, koma wodwala amamva kusintha pakapita masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi. Mu 2022, Joanna Moncrieff wa ku London ndi anzake anafalitsa kauniuni wonena kuti palibe umboni wokhazikika woti kukhumudwa kumayamba chifukwa cha kuchepa kwa serotonini. Akatswiri ena anatsutsa mmene kauniuniyo anachitidwira, ndipo mkangano ukupitirira. Chimene mbali zonse sizikana n'chakuti matendawa si nkhani ya kuperewera kwa chinthu chimodzi chimene mungangothira. Wina asamve molakwa n'kusiya mankhwala. Mankhwalawa amathandiza anthu ambiri, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumadwalitsa.

Ndiye kuti chakudya sichikhudza maganizo n'komwe?

Chimakhudza, ndipo Amalawi tili ndi umboni wowawa wa zimenezi. Chimanga chili ndi tiriputofani wochepa kwambiri, ndipo nayasini wake ndi womangika moti thupi limalephera kumutenga. Munthu akamadya nsima yokha miyezi yambiri, popanda mtedza, nsomba kapena nyama, amadwala pelagra. Khungu limada ndi kukakala pamene pamawomba dzuwa, monga pakhosi ndi kuseri kwa manja. Amatsegula m'mimba. Amakwiyakwiya, amakhumudwa, amaiwalaiwala, ndipo matenda akakula amasokonezeka mutu. Mu 1990, anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kum'mwera kwa Malawi anadwala pelagra, mtedza utasiya kugawidwa kwa miyezi ingapo. Mliriwo unatha atagawa mapiritsi a mavitamini, mtedza, ndiponso ufa wothiridwa nayasini.

Pamenepo chakudya chinachiritsadi, maganizo omwe. Koma chinachiritsa chifukwa chinabwezera chimene chinkasowa. Kubwezera chosowa n'kosiyana kwambiri ndi kuwonjezera pa chokwanira kale. Mayi wa kumudzi m'chaka cha njala, amene khosi lake lada ndipo wayamba kulankhula zosamveka, akufunika nayasini ndi ndiwo mwachangu. Mwana wake amene ali ku Doha, wodya nkhuku tsiku lililonse koma wosagona ndi maganizo, vuto lake ndi lina. Ngati mumatumiza ndalama kumudzi, kumbukirani kuti thumba la chimanga palokha silikwanira. Onjezerani ya mtedza, usipa ndi nyemba.

Nanga mapiritsi a tiriputofani amene amagulitsidwa pa intaneti?

Awa ndi osiyana ndi chakudya, chifukwa amabwera okha, opanda opikisana nawo, ndipo amakwezadi tiriputofani wa mu ubongo. Pamenepo si chakudyanso, ndi mankhwala. Umboni woti amachiza kukhumudwa ndi wofooka, wochokera ku kafukufuku wa anthu ochepa. Ngozi zake n'zodziwika. Akaphatikizidwa ndi mankhwala a kukhumudwa monga fuluokisetini ndi setiralini, kapena ndi tramadolo wa ululu, serotonini angathe kuchuluka mopitirira muyeso. Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mtima umathamanga, minofu imadukiza kapena kuuma, thupi limatentha, ndipo amasokonezeka. M'chilimwe cha ku Doha n'zosavuta kuganiza kuti ndi kutentha kwa dzuwa chabe. Wina akaoneka chonchi, imbani 999 ndipo muwauze achipatala mapiritsi onse amene wamwa. Mu 1989 ku America anthu oposa 1,500 anadwala matenda oopsa a minofu ndi magazi atamwa mapiritsi a tiriputofani, ambiri mwa iwo ochokera ku fakitale imodzi ya ku Japan, ndipo oposa 30 anamwalira. Musamwe mapiritsi amenewa dokotala asanadziwe.

Munthu amene ali ku Doha ndipo mtima wake ndi wolemera achite chiyani?

Adye mokwanira ndi mosinthasintha, chifukwa thupi lanjala kapena lochepa magazi limatopa ndipo kutopa kumakulitsa zonse. Akatero, za tiriputofani azisiye, ayang'ane zimene zimasokonekera kwambiri m'moyo wa kumeneko, zomwe ndi tulo, kuwala ndi kuyenda. Kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala, lamulo la Qatar limaletsa kugwira ntchito panja pa dzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, ndipo lamuloli n'loteteza moyo. Koma kutentha komweko kumachititsa kuti anthu ambiri, makamaka a shifiti ya usiku, azichoka m'chipinda chotseka makatani, kulowa m'basi, kulowa m'nyumba ina, osaona kuwala kwa tsiku. Gavin Lambert ndi anzake a ku Melbourne anapeza mu 2002 kuti ubongo wa amuna athanzi unkapanga serotonini wambiri pa masiku a dzuwa lowala. Kuwala kwa m'mamawa kumathandizanso kuti tulo tizibwera pa nthawi yake. Kuyenda kwa theka la ola dzuwa likungotuluka, kusanatenthe, kaya pa Corniche kaya mozungulira malo ogona, kuli ndi umboni wabwino kuposa chakudya chilichonse chimene chatchulidwa m'timavidiyo tija. Kukumana ndi Amalawi anzanu pa tsiku lopuma, kutchalitchi kapena kumzikiti, nakonso si kutaya nthawi.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, mukudzuka pakati pa usiku osagonanso, chakudya sichikulowa, kapena mukudziona ngati wopanda pake, amenewo ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo. Pitani kuchipatala cha m'dera lanu kapena ku zipatala za ogwira ntchito zoyendetsedwa ndi Qatar Red Crescent, ndipo mukapimidwenso magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimafanana ndi kukhumudwa. Bungwe la Hamad Medical Corporation lili ndi nambala yothandizira anthu ovutika maganizo: imbani 16000 n'kusankha 4. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire kuti kuche. Uzani mnzanu wa m'chipinda, ndipo imbani 999 nthawi yomweyo.